Buku la Chaka cha Madzi

Amuna anga anamwalira mu Ogasiti, anthu atangogulitsa thonje. Anagwa kuseri kwa kauntala akupimira mayi wina mafuta ophikira, ndipo patapita masiku anayi tinawaika m'manda. Anthu ankanena kuti ndinalimba mtima pamaliropo. Sikunali kulimba mtima ayi, ndinachita dzanzi. Ndinkaona anthu akulira, ine n'kumaganiza kuti botolo la mafuta lija linatsala lotsegula pakauntala.

Sitolo yathu inali ya chipinda chimodzi, ya njerwa zootcha ndi malata, kumbali ya Kakumbi, kutali ndithu ndi msewu wa tala. Malo amene inamangidwapo anali a apongozi anga. Ine kwathu ndi ku Msoro, kuno ndinabwera ndi ukwati. Choncho maliro atatha, abale atakhala pansi, anasankha alongo awo aakulu a malemu kuti akhale oyang'anira chuma chamasiye. Katundu wa m'nyumba anagawidwa monga mwa mwambo: zovala, nsapato, njinga, wailesi. Sutikesi yakuda ya amuna anga inapita kwa alamu angawo, osaitsegula n'komwe. Ine ndinangokhala pamphasa n'kumaona zinthu zikutuluka pakhomo.

Za sitolo anazinena pomaliza.

“Alamu, ife sitikukuthamangitsani,” anatero alamu anga. “Nyumba ndi yanu, munda ndi wanu. Koma shopu ndi chuma cha ana. Iyendetseni mpaka Chaka Chatsopano chidutse. Ikaima, ndi yanu. Ikagwa, ndiipereka kwa mwana wanga aiyendetse, kuti ana anu asadzapeze zipupa zokha.”

Mwana wawoyo sanali mwana ayi, anali bambo wandevu zake, wa mkazi ndi ana atatu, amene ankasunga katundu pa loji ina ya m'mbali mwa paki ya nyama zakutchire. Ntchito yake inkatha mvula ikayamba, alendo akasiya kutsika pabwalo la ndege. Sindinganene kuti mawu a alamu anga anali ankhanza. Ndawatembenuza kambirimbiri kufuna kupezamo nkhanza, koma sindinaipeze, ndipo zimenezo zimandinyansa mpaka lero. Tsikulo ndinangoti, “Ndamva.”

M'sitolomo ndinakhalamo zaka khumi ndi zinayi. Ndinkadziwa kupima mafuta osataya dontho, kumanga shuga m'timapepala, kuzindikira mwana amene watumidwa mchere koma akufuna maswiti. Chimene sindinkachita ndi kuoda katundu. Imeneyo inali ntchito ya amuna anga, ndipo ankaichita ngati akukonzekera ulaliki.

Chilichonse chotuluka m'sitolo ankachilemba m'buku lachikuto cholimba, buku limodzi chaka chimodzi. Loweruka lililonse ankaphatikiza: sabata ino mpunga wapita wochuluka chonchi, shuga chonchi, sopo chonchi. Chinthu chikatha pashelefu anthu akuchifunabe, ankajambula kamtanda pambali pake ndi kulemba tsiku limene chathera. Ankati chimene wagulitsa si chimene anthu anafuna, pakuti amene wabwerera chimanjamanja salembedwa m'buku. Ndiye Novembala akayamba, makampu a alendo a m'tchire akutsekedwa, anyamata akubwerera kumudzi ndi malipiro awo omaliza, iwo ankatseka chitseko chimodzi masana, n'kuyala mabuku atatu pakauntala: la chaka chatha, la dzana ndi la dzana linzake. Ankayang'ana masamba a Disembala m'mabuku onse atatu. Pamene zaka zikugwirizana, ankatenga chiwerengerocho. Pamene chaka chimodzi chadumpha kwambiri kapena chagwa, ankakanda m'mutu n'kufunsa kuti chaka chimenecho kunachitika chiyani. Kenako ankawerenga zotsala pashelefu n'kuchotsera, n'kuwonjezera pang'ono pa zinthu za timitanda. Ndalama ankaigawa patatu. Magawo awiri ankapita ku katundu wa Khirisimasi, gawo lachitatu ankalisunga osalikhudza, la Januwale, pamene anthu safunanso mabisiketi koma makope a ana asukulu, mapensulo, sopo, mchere ndi kapenta.

Ine ndinkawaseka. Ndinkati, “Abusa, kodi ulaliki wa lero uchokera m'buku liti?” Iwo osatukula mutu n'komwe ankati, “Chaka chimodzi chimanama, mayi. Uzifunsa zitatu.” Ndinkamva mawuwo chaka chilichonse, monga mmene umamvera belu la kutchalitchi uli pa ntchito zako.

Chaka chimenecho Novembala anafika ndi kutentha kwake kwa kuchigwa kuno, kumene malata amalira okha masana. Pansi pa kauntala ndinapezapo buku la chaka chimenecho, lolekezera mu Ogasiti, ndi la chaka chatha. Mabuku akale onse anali m'sutikesi yakuda ija. Ndinkadziwa zimenezo bwino lomwe, popeza ndine ndinkawaikamo.

Tsiku lina m'mawa alamu anga anaima pakhomo la sitolo akuchokera kumunda, khasu lili paphewa.

“Mwauka bwanji, alamu?”

“Ndauka.”

“Ndinatsegula sutikesi ija. Muli mabuku a shopu, ambirimbiri. Ndikubweretsereni?”

Ndinkapukuta sikelo. Sindinasiye kupukuta. Ndinati, “Munatenga, sungani.”

Anaima pang'ono, kenako anapita. Sindinakwiye, ndinene zoona. Mawuwo anangotuluka okha, monga mmene ndakhala ndikuyankhira anthu kuyambira ndili mtsikana. Amayi anga ankati pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Amuna anga akanakhalapo akanaseka n'kupita okha kukatenga mabukuwo. Koma panalibe woseka, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Masana ake ndinatseka chitseko chimodzi monga ankachitira, n'kutsegula buku la chaka chatha pa Disembala. Zolemba zawo zinali zazing'ono, zopendekera kumanja. Ndinayembekeza kuti ndikaziona ndilira, koma maso anga anangouma gwa. Ndinatenga pepala ndi bolopeni n'kuyamba kukopera.

Mpunga, matumba khumi ndi asanu. Fulawa wa vitumbuwa, matumba khumi. Mafuta ophikira, zigubu khumi ndi ziwiri za malita makumi awiri. Shuga, mabelo makumi awiri. Zakumwa za m'mabotolo apulasitiki, makesi makumi anayi. Mabisiketi, makatoni makumi awiri. Maswiti, mabaluni, madiresi a ana, timapatapata. Pafupifupi mzere uliwonse unali ndi kamtanda, ina iwiri. Ndinachita zonse zimene ndinkawaona akuchita. Ndinawerenga zotsala pashelefu n'kuchotsera. Pa zinthu za timitanda ndinawonjezera chimodzi pa khumi zilizonse. Ndinaimbira foni ku holoselo ya ku Chipata kufunsa mitengo yatsopano, imene inali itakwera. Masamu anga anali olondola, ndinawabwereza katatu.

Nditaphatikiza, ndinapeza kuti magawo awiri a ndalama sakukwana. Ngakhale magawo onse atatu ankangokwana ndendende, kuphatikizapo galimoto. Ndinayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Ndinadziuza kuti katundu akatuluka monga mmene bukulo likunenera, ndalama ya Januwale idzabwera yokha Khirisimasi isanathe. Ziwerengerozo zinali za dzanja la amuna anga, ndipo munthu ameneyo sankalemba bodza.

Tsopano ndinene chimene chinachitika Disembala wa chaka chathacho, chifukwa ndinalipo, ndinaona ndi maso anga. Pakati pa midzi yathu ndi msewu wa tala pali kamtsinje kamene kamauma chilimwe chonse. Kumsewu wa tala ndi kumene kuli masitolo aakulu, otchipa kuposa ife, okhala ndi mafiriji ndi nyimbo. Chaka chimenecho mvula inabwera molawirira ndi ukali, ndipo sabata yoyamba ya Disembala madzi anakokolola kalavati, kamlatho ka pakamtsinjeko. Kwa masabata atatu ndi theka njira inaduka. Wofuna kuwoloka ankalipira bwato, ndipo ng'ona zinali zitakwera ndi madzi kuchokera mumtsinje wa Luangwa, motero amayi sankafuna n'komwe kuyandikirako ndi ana. Midzi yonse ya tsidya lino inagula kwa ife. Aphunzitsi atatu ndi anamwino, anthu a malipiro a boma amene chaka chilichonse amathawira kwawo sukulu ikangotsekera, anatsekeredwa kuno ndi mabanja awo, ndipo anadyera Khirisimasi m'sitolo mwathu. Katundu wa nthawi zonse anatha m'masiku ochepa. Amuna anga anawoloka kawiri pabwato la msodzi wina kukatenga wina, akubwera atakhalira matumba a mpunga, nkhope ili mbuu ndi mantha. Ine dzanja linatupa ndi kupima mafuta.

Zonsezi ndinkazidziwa. Munthu akanandifunsa kuti chaka chatha kunachitika chiyani, ndikanamufotokozera mpaka mtundu wa malaya amene amuna anga anavala m'bwatomo. Koma madziwo anali m'chipinda china cha mutu wanga, bukulo m'chipinda china, ndipo chitseko cha pakati chinali chotseka. Sindikudziwa njira ina yonenera.

Ndinapita ku Chipata sabata yachitatu ya Novembala, mitengo isanakwerenso ndiponso njira yathu ya fumbi isanasanduke matope. Ku holoselo kunali anthu ngati kumsika. Mlembi wa pamenepo ankawadziwa amuna anga. Anandipepesa maliro, kenako anawerenga pepala langa n'kutukula nsidze, koma munthu wogulitsa sangakuuze kuti wagula zambiri. Anandiuza kuti pali zakumwa zina zotsika mtengo chifukwa tsiku lake lotha ntchito linali kumapeto kwa Januwale. Ndinati zimenezo zidzakhala zitamwedwa kalekale, ndipo ndinatenga makesi onse makumi anayi ndi anayi a mtundu umenewo.

Woyendetsa kalole amene ankatinyamulira katundu nthawi zonse anali mdala wa ku Mfuwe, wolankhula mosabisa. Ataona mulu wa katunduyo anavula kapusi.

“Amayi, zonsezi n'zanu? Mpunga sikisitini? Abambo aja ankakweza faifi, akachulutsa sikisi.”

“Longezani,” ndinatero.

“Kapena mukuganiza za chaka chatha? Paja kalavati anaikonza, amayi. Anaika yaikulu, ya simenti. Tidutsapo lero lomwe.”

“Ndamva. Longezani, dzuwa likupita.”

Ndinamvadi. Mawu ake analowa m'khutu bwinobwino, koma sanapeze munthu m'katimo. Tinatsika mapiri a pakati pa Chipata ndi kwathu kulowa m'chigwa, kalole kakulira ndi kulemera. Tinadutsa pakalavati yatsopanoyo cha m'ma folo koloko. Pansi pake panali mchenga wouma ndi ndowe za njovu. Ndinayang'ana pawindo n'kuganiza kuti aimanga bwino.

Katundu sanakwane m'sitolo. Mpunga ndi fulawa tinaunjika m'chipinda chogona, pamatabwa, mbali imene amuna anga ankagona. Zakumwa zinafika kudenga. Anthu odutsa ankasuzumira n'kunena kuti, “Koma chaka chino mayi mwakonzeka!” Mwana wanga wamkazi atabwera kuchokera kusukulu yogonera komweko anaima pakhomo n'kufunsa ngati tatsegula holoselo. Alamu anga anabwera, anayang'ana kuyambira pansi mpaka kudenga, kenako anapita. Ndikanakonda akanalankhula kuti ndipeze poyankhira.

Disembala analowa wouma. Mvula inagwa kawiri, yongonyowetsa fumbi, anthu n'kudzala, kenako kumwamba kunayera. Sukulu itatsekera, aphunzitsi anadutsa pakhomo pa sitolo ndi zikwama zawo pa njinga zamoto, akundibayibitsa. Anamwino nawonso anatenga tchuthi. Sabata yoyamba ndinagulitsa zimene timagulitsa nthawi zonse, mchere, sopo, machesi, mafuta a m'timabotolo. Sabata yachiwiri chimodzimodzi. Ndinkadziuza kuti anthu a kuno amagula mochedwa, ndipo n'zoona, ambiri amadikira masiku atatu omaliza. Loweruka lililonse ndinkaphatikiza monga ankachitira malemu, n'kuyerekeza ndi sabata yomweyo m'buku la chaka chatha. Sabata yachiwiri ya chaka chatha mpunga unapita matumba anayi. Ine ndinali ndisanamalize thumba loyamba.

Kutatsala masiku asanu kuti Khirisimasi ifike, ndinakhala pakhonde la sitolo m'mawa n'kumaona njinga zikupita kumsewu wa tala. Zinkapita zopanda kanthu. Masana zinkabwerera zitamangidwa mpunga, zigubu za mafuta, makesi a zakumwa, mwana atakhala pamwamba ndi baluni. Mayi wina wa kumudzi wa kuseri, amene timapemphera limodzi, anatsika panjinga kudzagula machesi amene anaiwala kumeneko.

“Mwaswera bwanji, amake mtsikana?”

“Ndaswera. Mwagula zambiri.”

“Ee, kuja shuga watsika ndi thu kwacha. Musadandaule, ife ndi anu. Chaka chatha munatipulumutsa inu pa madzi aja. Tikanadya chiyani popanda abambo aja ndi bwato lawo?”

Anakwera njinga n'kupita. Pamenepo m'pamene chitseko chija chinatseguka. Ndinaona zonse nthawi imodzi, bwato, aphunzitsi, timitanda tija, nkhope ya mdala wa kalole atavula kapusi. Ndinali nditaodera midzi yonse ya tsidya lino ngati kuti madzi adzabweranso kudzaitsekera. Ndinadikira kuti mtima ugunde. Palibe chinachitika. Ndinaika ndalama ya machesi m'kabati, n'kutenga tsache kukasesa pakhonde, chifukwa mbuzi zinali zitaonongapo.

Masiku otsalawo ndinachita zimene munthu angachite. Ndinatsitsa mitengo mpaka kufanana ndi ya kumsewu, pamene ine ndinali nditalipira galimoto yodutsa kumsewuko kufika kuno. Ndinalemba mitengoyo pakatoni n'kupachika pamtengo wa m'mbali mwa njira. Ndinaimbira mlembi wa ku holoselo kufunsa ngati angalandirenso zakumwa, iye n'kundiuza mwaulemu kuti katundu akatuluka pageti sabwerera. Pa twente-folo ndi pa tsiku la Khirisimasi lenilenilo anthu anabweradi, makamaka okalamba, osowa njinga ndi oiwala. Sitolo inadzaza, ana akulira maswiti, ndipo munthu wongoona akanati malonda akuyenda. Chaka Chatsopano chitadutsa ndinaphatikiza. Mpunga unapita matumba asanu ndi theka. Fulawa atatu. Zakumwa makesi khumi ndi asanu. Chinali chaka chabwinobwino, chaka wamba, chonga zaka za m'mabuku amene anali m'sutikesi ya alamu anga. Safunsa anadya phula.

Mvula imene inakana mu Disembala inabwera yonse mu Januwale. Kalavati inaima nji. Chinyezi chinalowa m'nyumba, fulawa anayamba kuundana ndi kununkha, ndipo nditatsegula thumba lina ndinapeza tizilombo tikuyendayenda. Shuga anayamba kunyowa m'mapaketi a pansi. Mabisiketi anafewa. Makoswe anapeza mpunga, ndipo ankadya momasuka ngati aitanidwa. Ndinkagona pakati pa matumbawo, ndikumva fungo lake, ndipo tulo ndinkagona ndithu.

Januwale kuno ndi mwezi wa njala. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, maloji ambiri atatseka, ndalama ya thonje itaiwalika. Palibe amene amagula mpunga kapena chakumwa chotsekemera. Sukulu zikutsegulira, makolo ankabwera kufuna makope, mapensulo, sopo wochapira yunifomu, mafuta odzola. Ndinkati mulibe. Ankafuna kapenta wa faifi kwacha, timapaketi ta ufa, soya. Ndinkati zatha. Sitolo inali yodzaza mpaka kudenga koma munalibe chimene munthu ankafuna. Ndalama imene inalowa pa Khirisimasi inapita kusukulu ya mtsikana wanga ndi ku chakudya cha pakhomo, yotsala sinkakwana ngakhale kulipira kalole kuchokera ku Chipata. Munthu akabwerera kawiri chimanjamanja, kachitatu sabweranso, amangodutsa n'kupereka moni.

Zakumwa zija ndinazigulitsa kwa mwini bala wa kumsewu wa tala kutatsala sabata imodzi kuti tsiku lake likwane. Anandipatsa theka la mtengo umene ndinagulira, ndipo anachita ngati akundichitira chifundo. Mwina ankandichitiradi. Fulawa matumba anayi ndinapatsa mayi wina woweta nkhumba. Mwana wanga wamwamuna ndi anzake anadya mabisiketi ofewa mpaka anayamba kuwakana.

Alamu anga sanabwere tsiku lotsatira Chaka Chatsopano monga ndinkayembekezera. Anadikira mwezi wonse. Ndikuganiza kuti ankandipatsa mpata woti ndipite ndekha kukanena kuti zandivuta, tithandizane. Mwana wawo uja anali pakhomo osagwira ntchito, munthu wodziwa kusunga katundu, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ndinkadziwa njira ya kunyumba kwawo, ndi mphindi khumi zokha kudutsa m'minda. Tsiku lina ndinavala nsapato kuti ndipiteko, ndinafika pa mtengo wa masawu umene uli pakati pa njira, n'kuima. Sindinachite manyazi, sindinachite mantha. Ndinangoona kuti ndilibe mawu oti ndikanene, ndiye ndinabwerera kukatsegula sitolo.

Anabwera Loweruka loyamba la Febuluwale, m'mawa, mvula itangokata. Anali ndi mwana wawoyo ndi amalume ena a malemu, mkulu wosalankhulalankhula amene anabwera kudzakhala mboni. Ndinawapatsa mipando pakhonde koma anati tilowe m'kati. Mwana wa alamu angayo anayendera mashelefu, akutembenuza mapaketi kuona masiku, akugwira matumba kumva chinyezi. Anapita kuchipinda kukaona mpunga. Ankagwira zinthu mosamala, ndipo pamene anafuna kusuntha sikelo anayamba wandiyang'ana. Atamaliza anauza amayi ake motsitsa mawu kuti mafuta ndi abwino, shuga wambiri apulumuka akaikidwa pamwamba, mpunga ungagulitsidwe pang'onopang'ono mpaka Isitala ngati makoswe atetezedwa, koma pakufunika ndalama ina yoti alowetse mchere, sopo ndi makope sabata yomweyo. Anati ali nayo yochepa imene anasunga ku loji.

Alamu anga anatembenukira kwa ine.

“Alamu, mwamva. Munganene chiyani?”

Ndinali ndi zonena zambiri zimene ndikanatha kunena. Kuti ndinachita zonse monga mmene mlongo wawo ankachitira, kupatula chimodzi. Kuti ndinaphunzira, ndipo Novembala wina sindidzalakwitsanso. Kuti zaka khumi ndi zinayi si masewera. Mwina akanamva, si munthu wouma mtima. Amalume aja ankandiyang'ana ngati akundipempha kuti ndilankhule. Koma zonsezo ndinkaziona patali, ngati nkhani ya mayi wina wa kumudzi wina.

“Tinapangana,” ndinatero.

“Phindu likayamba kubwera, la ana lizifika kwa inu mwezi uliwonse. Sukulu ya mtsikana isakudetseni nkhawa.”

“Zikomo.”

Makiyi ndinkawamanga pa ngodya ya chitenje. Mfundoyo inali itauma ndi thukuta, moti ndinalimbana nayo nthawi yaitali onse akundiyang'ana, mpaka ndinaimasula ndi mano. Ndinapatsa alamu anga, iwo n'kupatsa mwana wawo. Ndinamuuza kuti loko wa pamwamba amafuna kumukankhira m'kati pang'ono asanatembenuze kiyi, ndi kuti pangodya ya kumadzulo pamadontha. Anati, “Zikomo, amayi,” n'kuweramitsa mutu.

Ndinali ndidakali kuseri kwa kauntala, ndikufunafuna ambulera yanga, pamene mayi wina wachikulire analowa ndi kabotolo m'manja. Anali kasitomala wanga wa zaka zonsezo, wosaona bwino. Anapereka moni kwa onse, n'kuika kabotoloko pakauntala patsogolo panga.

“Amake mtsikana, ndipimireni mafuta a teni kwacha. Muwonjezereko pang'ono monga mwa masiku onse.”

Dzanja langa linali litagwira kale kapu yopimira. Ndinaliyang'ana, kenako ndinaika kapuyo pansi n'kutuluka kuseri kwa kauntala, kudzaima mbali imene amaima ogula.

“Funsani eniake, amayi,” ndinatero.